Laputopu yokana tchaja ya mawati 67 koma yolola ya mawati 30

Dandaulo ndi mbiri yake

Laputopu imene lipotili likukamba inafika pashopu yathu ku Mayfair, kuno ku Joni, itazimiratu, osayaka ngakhale kagetsi ka m'mbali. Mwini wake ndi mayi wa kwathu ku Ntcheu amene amalemba katundu wa anthu wopita ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa mabasi onyamuka m'tauni muno. Mayina a otumiza, a olandira, ndalama zolipidwa ndi zotsala, zonse zinali m'makinawo. Tchaja yake yeniyeni inamangidwa limodzi ndi katundu wa munthu wina n'kukwera basi, ndipo sinabwererenso.

Chitayikireni tchajayo anayesa matchaja atatu, ndipo onse anabwera nawo m'thumba. Yoyamba inali ya foni yawo, ya mawati 25, yomwe laputopu sinailabadire n'komwe. Yachiwiri anabwereka kwa mwana wa achemwali awo, ya mawati 30. Iyi inkagwira, koma batire linkangoima pa 40 peresenti kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ataona choncho anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mawati, n'kupita kukagula tchaja ya foni yolembedwa 67W pabokosi. Imeneyo sinatchaje ngakhale pang'ono, batire linatheratu, laputopu n'kuzima. Wokonza wina amene anayamba kupitako anawauza kuti madabodi, bolodi yaikulu ya mkati mwa laputopu, yapsa.

"Achimwene, inetu ndinagula yaikulu kuposa zonse. Ndiye ikane bwanji yaikulu n'kulola yaing'ono?" anandifunsa choncho. Funso limeneli ndilo mutu wa lipotili, chifukwa yankho lake likukhudza aliyense amene foni ndi laputopu yake zili ndi bowo lofanana la USB-C.

Zimene ndinayamba kuona

Ndisanalumikize kanthu ndinatembenuza laputopuyo n'kuwerenga kansi kwake. Panalembedwa `20V 3.25A`. Mawati amapezeka pochulukitsa mavoti ndi maampu, `W = V × A`, choncho 20 kuchulukitsa ndi 3.25 zikutipatsa mawati 65. Apa pali manambala awiri osiyana ntchito. Mawati 65 akunena kuchuluka kwa mphamvu imene makinawa angafune akamagwira ntchito yolemera uku akutchaja batire. Mavoti 20 akunena mlingo umene mphamvuyo iyenera kubwera nawo. Anthu ambiri amangoyang'ana nambala yoyambayo, popeza ndiyo imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi.

Kenako ndinayang'ana mapoti. Laputopuyi ili ndi mabowo awiri a USB-C, limodzi lili ndi chizindikiro cha pulagi pambali, linalo lilibe. Pa makina ambiri otsika mtengo, bowo lopanda chizindikirolo ndi la mafayilo okha, silimalandira magetsi otchajira ngakhale mutalumikiza tchaja yabwino chotani. Mayiwa ankagwiritsa ntchito lolondola. Ndinaunikamo ndi tochi: munalibe ulusi wa m'thumba, timapini tinali towongoka.

Chida chimene chimathetsa mkangano pa ntchito ngati iyi ndi kamita ka USB-C kolumikiza pakati pa chingwe ndi laputopu. Kamaonetsa mavoti ndi maampu amene akudutsa, ndipo kena kamatha kufunsa tchaja kuti itchule zonse zimene ingapereke. Ndinatenga tchaja ya pashopu ya mawati 65, imene ndikuidziwa kuti ndi yabwino. Kamita kanayaka pa mavoti 5, ndipo pasanathe masekondi awiri kanalumphira pa 20. Maampu anayamba pansi, cha m'ma 0.3, chifukwa batire lotheratu limayamba kudyetsedwa pang'onopang'ono mpaka maselo ake atadzuka. Patapita mphindi zingapo anakwera kufika pafupi ndi 2. Ndinazula pulagi, n'kuitembenuza, n'kuilowetsanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Laputopu inayaka, mabuku a katundu onse ali momwemo.

Kulumpha kumeneko, kuchoka pa 5 kufika pa 20, ndi umboni wakuti madabodi ili moyo ndipo ikulankhula. Tchaja ya USB-C siikweza mavoti payokha. Imakweza ikapemphedwa, ndipo wopemphayo ndi laputopu.

Kukambirana kumene kumachitika m'chingwe

M'chingwe cha USB-C muli waya wina woonda amene sanyamula mafayilo ndipo si wodutsa magetsi otchajira. Dzina lake ndi CC, ndipo ntchito yake ndi kukambirana. Tchaja ya USB-C ikakhala pakhoma popanda cholumikizidwa, kunsonga kwa chingwe kumakhala kulibe magetsi otchajira. Imadikira kuti ione rezisita ya `5.1kΩ` imene chipangizo chofuna kutchajidwa chimakhala nayo pa waya wa CC. Ikaiona imadziwa kuti kwabwera mlendo, n'kutsegula mavoti 5. Rezisita imeneyi imaoneka ngakhale batire la laputopu litatheratu, n'chifukwa chake makina ozima amatha kudzukanso.

Pa mavoti 5 amenewo, malire a USB-C ndi maampu 3, omwe ndi mawati 15. Kuti zipitirire apo pamafunika chilankhulo chotchedwa USB Power Delivery, chomwe pa matchaja chimalembedwa mwachidule kuti PD. Malamulo ake amasungidwa ndi bungwe la USB-IF. Anatuluka koyamba mu 2012, bowo la USB-C linabwera mu 2014, ndipo mu 2021 malamulowo anakwezedwa kuchoka pa mawati 100 kufika pa 240.

Kukambiranako kumafanana ndi zimene zimachitika pamalo ogulitsa nsima. Wogulitsa ndiye amayamba kunena kuti lero kuli nyemba, usipa ndi nkhuku, ndipo wogula amasankha pa zimene zatchulidwazo, sangaitanitse chambo chimene kulibe. Tchaja nayo imayamba ndi kutumiza mndandanda wa zimene ili nazo, mlingo uliwonse wa mavoti pamodzi ndi maampu ake. Laputopu imawerenga, n'kusankhapo chimodzi. Tchaja imavomera, imasintha mavoti, kenako imanena kuti zakonzeka, ndipo ndi pamenepo laputopu imayamba kukoka mphamvu yambiri. Pa mita zimene zimajambula zokambiranazi, mauthengawo amaoneka motere:

```
Source_Capabilities
Request
Accept
PS_RDY
```

Malamulo a PD amanenanso milingo imene tchaja iyenera kukhala nayo malinga ndi kukula kwake, ndipo apa ndi pamene matchaja a mafoni amagwera. Tchaja ya mawati osaposa 15 imakakamizidwa kupereka mavoti 5 okha. Yoposa 15 mpaka 27 imawonjezera 9. Yoposa 27 mpaka 45 imawonjezera 15. Mavoti 20 amakhala okakamiza tchaja ikaposa mawati 45. Wopanga akhoza kuika mlingo wapamwamba pa tchaja yaing'ono ngati akufuna, koma palibe womukakamiza. Matchaja ambiri a mafoni ali pa mawati 18, 20 kapena 25, choncho mndandanda wawo kawirikawiri umathera pa mavoti 9 kapena 12.

Tchaja ya mawati 25

Nditaifunsa ndi kamita inatchula izi:

```
5V 3A
9V 2.77A
PPS 3.3-11V 2.25A
```

Ndi tchaja yabwinobwino, ya PD yeniyeni, ndipo foni imaitchaja mwachangu. Mzere wachitatuwo, PPS, ndi njira imene foni imapempha mavoti osinthasintha pang'onopang'ono kuti batire lake lisatenthe. Malaputopu ambiri saigwiritsa ntchito. Nditailumikiza ku laputopu ya mayiwa, kamita kanakhala pa mavoti 5, maampu pafupifupi ziro, ndipo pa sikirini panabwera uthenga wakuti `PC isn't charging`. Kukambirana kunachitika ndithu. Laputopu inawerenga mndandanda, sinapezepo chimene ingagwiritse ntchito, inangovomera mavoti 5 kuti mgwirizano usaduke, n'kutseka khomo lake lopita ku batire.

Chifukwa chake chili mbali ziwiri. Batire la laputopuyi lili ndi maselo atatu olumikizidwa motsatizana, ndipo palembedwa `11.55V`. Likadzaza limapitirira pang'ono mavoti 13. Kuti magetsi alowe m'batire lotere ayenera kukhala okwera kuposa batirelo. Makina ena ali ndi katchipi kotchajira kamene kamangodziwa kutsitsa mavoti, ndipo kwa iwo mavoti 9 alibe ntchito. Ambiri atsopano ali ndi katchipi kotha kukweza ndi kutsitsa komwe, koma ngakhale apo wopanga amaika malire ake m'pulogalamu ya mkati, kuti makinawa asalandire zochepera mavoti akuti kapena mawati akuti. Amatero poopa kuti tchaja yaing'ono ikokedwa mopitirira n'kumazimazima.

Malire amenewa amasiyana makina ndi makina, ndipo sayenderana ndi mtengo. MacBook Air imalola tchaja ya foni ya mawati 20 n'kumadzaza pang'onopang'ono, ndipo ina inkagulitsidwa ndi tchaja ya mawati 30 okha. Ndaonanso makina ena amene amalandira mavoti 9 akakhala ozimitsidwa koma amakana akayaka. Choncho mnzanu akakuuzani kuti yake imatchaja ndi tchaja ya foni, akunena zoona za makina ake, koma za anu sanaziyese.

Tchaja ya mawati 67

Iyi ndiyo inawapweteka mtima mayiwa, chifukwa anaonongerapo ndalama. Nditangoitulutsa m'thumba ndinaona kuti bowo lake ndi lakale lija lamakona anayi, la USB-A, ndipo chingwe chake ndi cha USB-A mbali ina, USB-C mbali inayo. Timalemba tating'ono ta kumbuyo kwake tinali iti:

```
5V 2A
5-11V 6.1A (67W Max)
```

Wopanga sananame. 11 kuchulukitsa ndi 6.1 ndi mawati 67 ndithu. Koma mawati amenewo amabwera pa mavoti otsika ndi maampu ochuluka kwambiri, momwe mafoni ena amafunira, ndipo amatsegulidwa ndi chilankhulo cha kampani imene inapanga tchajayo. Zilankhulo zotere zilipo zingapo: Oppo ili ndi VOOC, Huawei ili ndi SuperCharge, Qualcomm ili ndi Quick Charge. Zimagwira bwino foni, tchaja ndi chingwe zikakhala za banja limodzi. Laputopu sizilankhula zimenezi, imadziwa PD yokha.

Ndipo pa chingwe wamba cha USB-A, PD singadutse n'komwe, chifukwa bowo la USB-A lilibe pini ya CC. M'malo mwake, m'mutu wa USB-C wa chingwecho amaikamo rezisita ya `56kΩ`, imene imauza chipangizo kuti uku kuli mavoti 5 wamba, usakoke zambiri. Laputopu ikaona zimenezo siyembekezeranso mndandanda uliwonse. Kamita kanaonetsa mavoti 5 ndi maampu osakwana 0.1, ndipo pa sikirini panalibe chosintha. Kwa laputopuyi, tchaja ya mawati 67 inali yochepa kuposa ya mawati 25 ija.

Ndinawafotokozera mayiwa kuti tchajayo si yabodza ndipo si yakufa, ingoyenera kupeza foni ya banja lake. Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti m'mashopu ambiri a m'tauni muno wogula amafunsa za mawati, wogulitsa amayankha za mawati, ndipo palibe amene amatembenuza tchaja kuti awerenge kumbuyo. Anthu athu ambiri kuno amapeza ndalama movutikira, ndipo mawu awiri okha pa kauntala akanateteza ndalama ya mayiwa.

Tchaja ya mawati 30, ndi masamu a batire losakwera

Yobwereka ija inali ndi mndandanda wautali:

```
5V 3A
9V 3A
15V 2A
20V 1.5A
```

Wopanga anawonjezera mavoti 20 ngakhale malamulo samukakamiza. Laputopu inasankha mzere womalizawo, kamita kanalumphira pa 20, maampu n'kukhazikika pafupi ndi 1.5. Windows inalemba kuti `Slow USB charger connected`. Apa mgwirizano unatheka, vuto linatsala la kuchuluka kwa mphamvu, ndipo ili ndi vuto la masamu chabe.

Poyamba ndinafuna kudziwa kukula kwa batire. Pa Windows mumalemba lamulo ili:

```
powercfg /batteryreport
```

Limatulutsa fayilo imene ili ndi mizere iwiri yofunika. `DESIGN CAPACITY` inaonetsa 45,000 mWh, ndiko kukula kwa batire lili latsopano. `FULL CHARGE CAPACITY` inaonetsa pafupifupi 38,000 mWh, ndiko kumene lingasunge lero. Kunena mosavuta, kuti lidzaze kuchokera pansi pafunika mawati 38 kwa ola lathunthu, kapena mawati 19 kwa maola awiri. Batirelo lakalambako koma silinafike potaya.

Kenako ndinadzaza batire ndi tchaja ya pashopu kuti kamita kaziwerenga zimene laputopu yokha ikudya. Itangokhala osagwira kanthu inkadya mawati 9. Ndi mabuku a katundu otsegula, sikirini ikuwala kwambiri monga mayiwa amaikondera, inkadya 15. Poimba foni ya vidiyo pa WhatsApp uku mabukuwo ali otsegula, inkafika 25, nthawi zina n'kudumpha kupitirira 30 kwa kamphindi.

Mphamvu yochokera ku tchaja imayamba yadyetsa makina, batire limalandira zotsala, ndipo pa zotsalazo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi limatayika ngati kutentha. Laputopu ikakhala yozimitsidwa, mawati 30 onse amapita ku batire, olowadi ndi cha m'ma 27. Pa masamu okha batire likanadzaza mu ola limodzi ndi theka, koma popeza likafika cha m'ma 80 peresenti limayamba kulandira pang'onopang'ono, zimatenga pafupifupi maola awiri. Mayiwa akamalemba m'mabuku, makina amatenga 15, otsala ndi 15, olowa m'batire ndi 13, ndipo kudzaza kumafuna maola atatu kapena kuposerapo. Akakhala pa vidiyo ndi makasitomala, makina amatenga 25, otsala ndi 5 okha, ndipo kudzaza kungafune maola oposa 8.

Komabe masamuwa sankafotokoza chifukwa chimene batire linkaimiratu malo amodzi tsiku lonse. Ndinawafunsa kuti pa nthawi imeneyo foni ankaitchaja kuti. "Pompo pa laputopupo, achimwene, soketi ndi imodzi yokha pamene ndimakhalapo," anatero. Foni yolumikizidwa ku laputopu imatenga mawati 5 mpaka 7. Mukawonjezera pa 25 aja, mwafika kapena mwapitirira 30. Pamenepo chizindikiro cha pulagi chimaoneka pa sikirini, koma batire sililandira kanthu, ndipo makina akadumpha kupitirira zimene tchaja ingathe, zoperewerazo zimachokera m'batire momwemo. Masana linkatsika pang'ono, pa nthawi yopuma linkakwera pang'ono, n'kumazungulira pa 40 peresenti.

Anadandaulanso kuti masiku amenewo makina ankachedwa. Zimenezo zimachitika dala: laputopu zambiri zikaona tchaja yochepa zimachepetsa liwiro la purosesa kuti zisakoke mopitirira mgwirizano. Tchajayo nayo inkatentha kwambiri, chifukwa inkagwira pa malire ake kwa maola ambiri, pamene inapangidwira foni imene imakoka zambiri kwa kanthawi kochepa.

Tchaja yatsopano ndi chingwe chake

Tinasankha tchaja ya mawati 65 imene kumbuyo kwake kuli PD ndi mzere wa `20V 3.25A`. Titaiyesa ndi chingwe cha foni cha USB-C mbali zonse chimene mayiwa anali nacho, kamita kanaonetsa kuti mzere womaliza wasanduka `20V 3A`, omwe ndi mawati 60. Chingwe nacho chili ndi mawu pa zokambiranazi. Chingwe wamba cha USB-C chimaloledwa maampu 3 okha. Chotha kunyamula maampu 5 chimakhala ndi katchipi m'mutu mwake, kamene kamita kamakatchula kuti `E-Marker`, ndipo tchaja imayamba yafunsa katchipiko isanatchule chilichonse choposa maampu 3. Ikapanda kuyankhidwa imadula mndandanda wake. Matchaja a malaputopu okhala ndi chingwe chosazuka safunsa funsoli, popeza wopanga akuchidziwa kale chingwe chake.

Laputopu ya mayiwa inalandira mawati 60 popanda kudandaula, ndipo kusiyana kwa mawati 5 sakanakuona pa ntchito yawo. Makina ena amadandaula pa kusiyana kochepa komweko, ena mpaka kuima poyaka kuti mudine batani lovomereza. Tinaikabe chingwe cholembedwa 5A, ndipo mzere wa `20V 3.25A` unabwerera. Kwa amene laputopu yake imafuna mawati 90 kapena 100, nkhani ya chingwe ndi yaikulu, chifukwa chingwe wamba chimamudulira mpaka 60.

Anafunsa ngati sikukanakhala bwino kugula ya mawati 100 kuti izidzaza msanga. Ndinawaonetsa pa kamita. Laputopu itazimitsidwa, batire lili pansi, inkakoka mawati osaposa 35 pa tchaja ya 65. Batire lili ndi malire ake a zimene lingalandire, ndipo mawati otsalawo ndi oyendetsera makina. Tchaja ya 100 ingapereke mndandanda wautali, laputopu n'kutengapo 65 omwewo. Pa chifukwa chomwecho tchaja ya laputopu siingaotche foni. Imayambira pa mavoti 5, ndipo foni imapempha 9 kapena zimene ikufuna. Mayiwa tsopano akhoza kutchaja foni ndi tchaja yomweyo. Zimenezi ndikunena za matchaja otsatira malamulo. Zopeka zopepuka ngati bokosi la machesi, zolembedwa manambala aakulu, sindimazilumikiza ku makina a kasitomala ndisanaziyeze.

Ndinawachenjezanso za matchaja a mabowo awiri kapena atatu, popeza soketi yawo ndi imodzi ndipo tsiku lina adzaifuna yotere. Nambala ya pabokosi ndi ya mabowo onse pamodzi. Ambiri a mawati 65 amagawa 45 ndi 20 mukalumikiza zinthu ziwiri, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa kapena kuzula chachiwiricho, tchaja imayambiranso kukambirana, laputopu n'kusiya kutchaja kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kumeneko si kuonongeka. Pa mawati 45 makinawa angayende bwino ndithu, koma amene akufuna 65 yathunthu ndi foni pambali agule ya 90 kapena 100, atawerenga mmene imagawira. Pawabanki ya nthawi imene magetsi azima imawerengedwa chimodzimodzi. Nambala ya 20,000 mAh ikunena kuchuluka kwa zimene yasunga, koma ngati pa mzere wa `Output` palibe 15V kapena 20V, laputopu ngati iyi siidzatengamo kanthu.

Pamene vuto lilidi m'laputopu

Wokonza woyamba uja ayenera kuti anayesa ndi matchaja a mayiwa omwewo, n'kuona makina osayaka. Madabodi imapsa ndithu, ndipo poti ya USB-C imaonongeka kawirikawiri, koma chigamulo chotere chimaperekedwa munthu atayesa ndi tchaja ndi chingwe zimene akuzidziwa kuti ndi zabwino komanso zokwanira. Zikatero kamita kamaloza kumene vuto lili.

Ngati kamita sikakuyaka n'komwe, tchaja sinaone rezisita ija pa CC, choncho sinatsegule ngakhale mavoti 5. Kawirikawiri chimakhala fumbi ndi ulusi zimene zatsindirika pansi pa bowo, pulagi n'kumalephera kufika kumapeto. Ndimachotsa ndi kamtengo kotokosera mano, makina ali ozimitsa, osati ndi singano, chifukwa pini ya magetsi ndi ya CC zili moyandikana ndipo chitsulo chingazigunditse. Ngati ikutchaja pulagi ikaloza mbali imodzi koma kukana mukaitembenuza, yankho lili m'kapangidwe ka bowolo: lili ndi mapini awiri a CC, ndipo chingwe chimagwiritsa ntchito imodzi malinga ndi mmene mwachilowetsera. Pini imodzi yapindika, kapena yasomphoka pa bolodi, kapena njira yake yaduka. Imeneyo ndi ntchito yosintha poti.

Ngati kamita kaima pa mavoti 5 ndi tchaja yabwino ya 65, ndiye kuti rezisita yaoneka koma laputopu sikupempha kanthu. Ndisanatsegule chilichonse ndimazula tchaja, n'kudina batani loyatsira kwa masekondi 30, ndipo zikakanika ndimatsegula pansi, n'kuzula pulagi ya batire kwa mphindi zingapo. Katchipi kolamulira magetsi nthawi zina kamangosokonezeka, ndipo kakadulidwa magetsi kamayambiranso bwino. Zikapitirira, wokayikiridwa ndi katchipi ka PD komweko. Ngati mavoti akukwera pa 20, n'kugwa pa ziro, n'kuyambiranso mobwerezabwereza, tchaja ikudziteteza ku chinachake chimene chikukoka mopitirira, ndipo apo ndimafufuza shoti pa bolodi.

Chomaliza ndi pamene kamita kakuonetsa mavoti 20 okhazikika, makina akuyenda, koma batire silikukwera. Kukambirana kwatheka, choncho tchaja ndi chingwe zilibe mlandu. Ndisanaweruze batire ndimalowa mu BIOS, pulogalamu ya mkati imene imatsegulidwa poyatsa makina, kapena m'pulogalamu ya wopanga, chifukwa makina ambiri ali ndi njira yotetezera batire imene imaimitsa kutchaja pa 60 kapena 80 peresenti, ndipo pa malaputopu ogula kwa munthu wina imapezeka yotsegulidwa mwini watsopano asakudziwa. Ngati njirayo ndi yotseka, ndimabwerera ku `powercfg /batteryreport`. `FULL CHARGE CAPACITY` ikatsika kufika theka la `DESIGN CAPACITY` kapena kucheperapo, kapena batire likaoneka lotupa mpaka kukankha kiyibodi, ndimasintha batire. Likakhala labwino, ndimayeza katchipi kotchajira ndi timaswitchi take pa bolodi.